Makalata a Omvera: Kalata Yodziletsa Kubetcha Mpaka Kalekale

"Ndine mlimi wa mbatatesi kuno ku Lizulu. Ndalama zokwana K240,000 zimene tinasunga ndi mayi a kunyumba kuti tigule feteleza ndi kulipira mwana sukulu zathera pa kubetcha mpira ndi kandege ka pafoni. Ndinafufutapo apu ya kampaniyo, koma ndinaibwezeretsa. Tsopano ndikufuna kulembera kampaniyo kuti inditsekere khomo mpaka kalekale. Kodi ndilembe zotani kuti asandizembe? Chonde musatchule dzina langa."

Dzina lanu sititchula, bambo, ndipo kalata yanu ndiichedwerapo chifukwa makalata ambiri a sabata ino akuzungulira pa nkhani yomweyi.

Choyamba, musapemphe kuti angotseka akaunti yanu. Akaunti yotsekedwa mwa wamba imatsegulidwanso mwini wake akapempha, ndipo munthu amene wavutika ndi juga amapempha ndithu, kawirikawiri usiku, malipiro a mbatatesi atangolowa mu foni. Chimene mukufuna ndi chiletso chimene inu mwini simungachichotse ngakhale mutachonderera. Pa masamba a makampani ambiri chiletsochi chimalembedwa kuti Self-Exclusion, ndipo chimapezeka pa gawo lotchedwa Responsible Gaming. Mawu amenewa muwalembe pamutu pa kalata yanu monga momwe alili, kuti wolandira asanamizire kuti sanamve. Zotsalazo mukhoza kulemba m'Chichewa, motere:

"Ine, mwini akaunti yolembetsedwa pa nambala yakutiyakuti, ndikupempha kuti mundiletse kubetcha ndi kampani yanu kuyambira lero mpaka kalekale, chifukwa juga yasokoneza chuma cha banja langa. Chiletsochi chikhudze akaunti zonse zimene zili m'dzina langa ndi pa nambala zanga zonse, pafoni ndi m'mashopu anu. Musandilole kutsegula akaunti ina, ndipo musachotse chiletsochi ngakhale nditapempha ndekha. Ndalama zotsala mu akaunti muzibweze ku nambala imene ndinalembetsera. Lekani kunditumizira mauthenga a mabonasi ndi otsatsa malonda. Mundiyankhe polemba, kutsimikizira tsiku limene chiletsochi chayamba kugwira ntchito."

Pansi pake mulembe dzina lanu lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya chiphasocho, tsiku, ndipo musayine. Ngati munalembetsa kawiri, pa nambala ya Airtel ndi ya TNM, zonse ziwiri zilembedwe, pakuti nambala imene mwaibisa m'kalatamo ndi imene mudzabwererepo. Nambala yachinsinsi ya akaunti kapena ya Airtel Money ndi Mpamba musailembe, ndipo musauze aliyense ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampaniyo.

Mwaona kuti m'kalatamo tatchula chifukwa chake. Ena amachita manyazi n'kulemba kuti angofuna kupuma pang'ono, koma mawu ofewa otere amapatsa kampani mpata wokupatsani tchuthi cha sabata imodzi kapena mwezi, kenako khomo n'kutseguka lokha. Mukalemba poyera kuti juga yakupwetekani, pempho lanu silingatengedwenso ngati la kasitomala amene wangotopa. Akakuimbirani n'kukuuzani kuti muyambe mwayesa kuika malire a ndalama zimene mumaponya pa tsiku, kapena akakulonjezani beti yaulere, yankho lanu likhale limodzi: zimene ndikufuna zili m'kalata.

Musanatumize, tapani ndalama zonse zimene zingatapike, ndipo mujambule chithunzi cha tsamba losonyeza ndalama zotsala ndi matikiti amene masewero ake sanathe. Kalatayo itumizidwe pa imelo kapena pa nambala ya WhatsApp imene yalembedwa pa tsamba lenileni la kampaniyo, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi. Kuimba foni kokha sikusiya umboni. Ngati mwasankha kukapereka pamanja, lembani makope awiri, ndipo amene walandira asayine ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Komabe ine sindikulangizani kupita nokha ku shopu, chifukwa kutuma munthu wa vuto ili kumeneko kuli ngati kutuma fisi kuti akaone ngati khola la mbuzi latsekedwa bwino. Mupite ndi mayi a kunyumba kapena atsibweni anu.

Mudzadziwa kuti zatheka mukalandira yankho lolembedwa, akaunti ikakana kutseguka, ndiponso mauthenga otsatsa malonda akasiya kubwera. Musayese chiletsocho potumiza ndalama, ngakhale K500. Pakapita sabata kapena awiri popanda yankho, kapena mauthenga a bonasi akapitirira, tumizani kalata yomweyo pamodzi ndi zithunzi zija ku bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene ambiri amalitchula kuti MAGLA. Bungweli ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani a juga m'dziko muno ndi kuwayang'anira, choncho dandaulo lokhala ndi umboni liyenera kupita kumeneko.

Kalatayi ili ndi malire ake. Imamanga kampani imene mwailembera yokha, ndiye ngati muli ndi akaunti ku makampani atatu, makalata akhale atatu, tsiku lomwelo. Komanso pa shopu pamene munthu amabetcha ndi ndalama za m'manja popanda kufunsidwa chiphaso, kompyuta siingakuzindikireni. N'chifukwa chake ndikuti tsiku la msika, mukagulitsa matumba anu, ndalama zisagone m'thumba lanu kapena mu foni yanu. Zipite kwa mayi a kunyumba, kapena mukalipiretu feteleza tsiku lomwelo.

Bambo wina wa ku Linthipe akuti atumiza kalata yotere akangobweza zimene analuza. Achimwene, tiwerengere limodzi. Matimu awiri akakhala ofanana mphamvu, kampani ikhoza kuika 1.90 mbali iliyonse. Anthu awiri akaponya K1,000 aliyense, wina uku wina uko, kampani yalandira K2,000 ndipo ilipira K1,900. K100 ija imatsala kwa iwo kaya wapambana ndani, ndipo mukaphatikiza masewero khumi pa tikiti imodzi, gawo lawolo limakula pa sewero lililonse. Mukadikira kubweza, kalatayo idzalembedwa ndi zidzukulu zanu.

Mayi wa ku Bembeke akufunsa ngati angalembe m'malo mwa amuna awo. Mayi, chiletso chotere amapempha ndi mwini akaunti. Inu mukhoza kulemba mawuwo, koma asayine ndi kutumiza okha, inu muli pomwepo.

Mnyamata wa ku Tsangano akufunsa ngati kampani idzamubwezera zimene analuza. Ayi, zimene zimabwezedwa ndi zotsala mu akaunti zokha.

Pali chinthu chimene chandiwawa m'makalata angapo, ndipo pano ndidzudzula pang'ono. Abambo ena akuti anatseka akaunti yawo, koma akubetchera pa nambala ya akazi awo kapena ya mwana, ena mpaka mwana amene sanakwane zaka 18, msinkhu umene malamulo salola kuti munthu atchove juga. Mayi amadzuka m'mawa kuti akagule ufa, n'kupeza ndalama za banki m'khonde zapita ndi kandege usiku, ndipo ku gulu amene akachite manyazi ndi iyeyo. Choncho, bambo a ku Lizulu, tsiku limene mutumize kalata yanu, mayi a kunyumba asinthe nambala yachinsinsi ya foni yawo ndi ya ndalama zawo, ndipo asakuuzeni. Kope la kalatayo asunge ndi iwo, pamodzi ndi yankho la kampani likabwera.