Mpunga wa mkute: n'chifukwa chiyani kuutenthetsa sikuthandiza nthawi zonse?

[Chithunzi: m'mawa, poto wa mpunga pa mbaula yozima. Dzanja likuvundukula.]

Mpunga uwu unaphikidwa dzulo 7 koloko madzulo. Pano ndi 6 koloko m'mawa. Ukuoneka bwinobwino, sukununkha, sunasase. Koma wagona pamtunda maola 11, pamene malire ake ndi maola awiri okha. Kukatentha kupitirira madigiri 32, ngati mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, malirewo amatsika kufika pa ola limodzi.

[Pa sikirini: Bacillus cereus]

Vuto limachokera kumunda. M'dothi muli bakiteriya wotchedwa Basilasi seriyasi, ndipo amabwera ndi mpunga wosaphika, kaya wa Kilombero kaya wa m'paketi. Zinthu zikamuthina, amadzitsekera m'kachikamba kolimba n'kugona ngati njere yodikira mvula. Madzi owira amapha tizilombo tambiri, koma tinjere timeneti timapulumuka. Mpunga ukamazizira n'kutsika pansi pa madigiri 60, timadzuka, n'kupeza chinyezi, chakudya ndi kafundidwe kabwino, tizilombo tina topikisana nato titafa kale.

[Chithunzi: poto wovundikira, wotchi ikuyenda.]

Tiyeni tiwerengere poto wathuyu. Ndi wamkulu, wovundikira, ndiye pakati pake pamakhala pofunda usiku wonse. Pa madigiri 30 kapena 35, bakiteriyayu amatha kudzigawa pawiri pa mphindi 30 zilizonse. Tinene kuti mu galamu imodzi ya mpunga munadzuka 10 okha. Pakatha maola awiri ali 160, sizinafike poopsa. Pakatha maola asanu ndi atatu adutsa 600,000. Munthu amayamba kudwala akafika cha pa 100,000 pa galamu. Taonani kuti maola oyambirira amayenda pang'onopang'ono, chiwerengero chimathamanga kumatandakucha.

Tsono wina anena kuti, "Ndiukazinga mpaka utuluke nthunzi." Moto umaphadi bakiteriyayo. Koma pamene amachulukana usiku uja, mitundu ina ya bakiteriyayu imakhala ikutulutsa poizoni wotchedwa seriyulaidi, ndipo poizoni si chamoyo choti n'kufa. Amapirira madigiri 121 kwa mphindi 90. Madzi a mu poto amawira pa madigiri 100 basi. Mukazinge, muthire madzi muwiritsenso, muphike phala la mwana, poizoniyo akhalabe momwemo. Alibe fungo, alibe kakomedwe, ndiye kununkhiza sikukuuzani kanthu.

"Nanga ife tinakulira mkute bwanji osafa?" N'zoona. Si poto aliyense amene amakhala ndi mtundu wotulutsa poizoni, komanso usiku wa mu Juni sufanana ndi wa mu Novembala. Vuto n'lakuti poto wabwino ndi woipa amaoneka chimodzimodzi.

Mukadya poizoniyu, mseru ndi kusanza zimayamba msanga, pakati pa mphindi 30 ndi maola 6. Mtundu wina umatsegula m'mimba pakatha maola 6 mpaka 15. Ambiri amachira tsiku limodzi lisanathe, bola azimwa madzi kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena wodwaladwala akamasanza mosalekeza, akafooka kapena akasiya kukodza, thamangirani naye kuchipatala.

[Chithunzi: chipande chikuyala mpunga pa thireyi.]

Ngati muli ndi firiji, nkhani yagona pa kuziziritsa msanga. Musasiye mpunga mu poto. Uyaleni pa thireyi kapena m'mbale zosaya, usakhuthale kupitirira zala zitatu, ndipo ulowe m'firiji ola limodzi lisanathe. Firiji izizire madigiri 5 kapena kutsika. Mpungawo udyedwe mawa lake, ndipo muutenthetse kamodzi kokha mpaka nthunzi ituluke paliponse, pakati pomwe, cha pa madigiri 75. Apa kutenthetsa kumagwira ntchito chifukwa poizoni sanapeze mpata wopangika. Magetsi akazima, firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola anayi okha.

Samalaninso ndi mbale zovundikira zosungira kutentha zija timaperekera chakudya paukwati. Zimachedwetsa kuzizira, koma sizisunga mpunga pamwamba pa madigiri 60 usiku wonse. Zimangoukhazika nthawi yaitali pa kafundidwe kamene bakiteriyayu amakonda.

Kwa amene alibe firiji, tinene mosabisa: palibe njira yodalirika yogonekera mpunga wophika. Kuuwiritsanso musanagone sikupha tinjere tija, timadzukanso ukangozizira. Yezani wokwanira chakudya chimodzi, kapu imodzi ya mpunga wosaphika pa anthu awiri kapena atatu, ndipo wa m'mawa muuphike m'mawa womwewo.

[Chithunzi: poto uja akukhuthulidwa kudzala.]