Kulemba dzina la woyimba si kupempha chilolezo

Zikomo apampando. Amayi ndi abambo, abale anga a kuno ku Joni, ambirife timajambula maukwati, mapemphero ndi zogulitsa zathu n'kuika pa Facebook ndi YouTube kuti akumudzi aone. Pansi pa vidiyo timakonda kulemba kuti `No copyright intended`, kapena "nyimboyi si yanga, ulemu kwa mwiniwake". Ndikuuzeni mosabisa, mawu amenewo sateteza chilichonse.

Chifukwa chake n'chakuti amene amagwira vidiyo yanu si munthu wowerenga zomwe mwalemba. Ku YouTube kuli makina otchedwa Content ID, ku Facebook kuli Rights Manager. Eni nyimbo amapereka nyimbo zawo kumeneko, ndipo makinawo amamvetsera phokoso la m'vidiyo yanu n'kulifananiza ndi zomwe anasunga. Zikangofanana, mwagwidwa, kaya mwalemba dzina la woyimba kaya ayi. Zija amati ukangotenga masekondi ochepa palibe mlandu, lamulo lotero kulibe.

Tiyerekeze mwajambula ukwati muholo ku Rosettenville. Nthawi ya perekani-perekani DJ watsegula nyimbo yotchuka, anthu akuvina, ndalama zikuponyedwa m'lichero, woyendetsa mwambo akuitana akuchikazi. Mwaika pa Facebook, mawa lake amayi akuimba foni kuti anthu akungoyasama, mawu sakumveka. Nyimbo ija yazindikiridwa ndipo gawo lonselo alitseka mawu, pamodzi ndi nthungululu komanso mayina a achibale. Izi zimandiwawa, chifukwa ukwati subwerezedwa. N'chifukwa chake wojambula wanzeru amatenga mawu a woyendetsa mwambo paokha, ndi maikolofoni yapafupi, kuti nyimbo ikavuta aichotse koma mawu atsale.

Nanga kulemba dzina kumathandiza liti? Kumathandiza pamene mwini nyimbo anapereka kale chilolezo n'kunena kuti malipiro ake ndi kumutchula. Mu YouTube Studio muli malo otchedwa Audio Library, momwe muli nyimbo zaulere. Zina sizifuna kutchula aliyense, koma zina zili ndi chizindikiro cha Creative Commons, ndipo zimenezo zimabwera ndi mawu oti mukopere. Koperani onse monga alili, musadulepo, muwaike pansi pa vidiyo. Mukaitenga kwina nyimbo ya chilolezo cha CC BY, lembani zinthu zinayi, monga ndalembera pabolodipa:

```
Nyimbo: dzina la nyimbo
Woipanga: dzina lake
Kumene ndaitenga: linki ya tsambalo
Chilolezo: CC BY 4.0
https://creativecommons.org/licenses/by/4.0/
```

Ngati mwaidula kapena kuisintha, nenaninso zimenezo. Ndipo inu amayi amene mumatsatsa saluni, yang'anitsitsani zilembo. Mukaona NC, ndiye kuti nyimboyo si yochitira malonda, olo mutatchula mwiniwake kakhumi. Kachidutswa ka vidiyo ya munthu wina n'chimodzimodzi: mulembereni, akavomera sungani uthengawo, kenako mumutchule.

Ngakhale mwachita zonse bwino, nthawi zina uthenga wa dandaulo umabwerabe. Musanjenjemere, yambani mwaona kuti ndi wamtundu wanji. Ukakhala `claim` ya Content ID, tchanelo chanu sichinalangidwe. Mwini nyimbo akhoza kutenga ndalama za malonda a pavidiyoyo, kapena kuitseka m'mayiko ena, mwina ionekere kuno koma kwina ayi. YouTube Studio imakuonetsani mphindi yeniyeni pomwe pali vuto, ndipo mukhoza kudula gawolo, kusintha nyimbo, kapena kuitseka mawu. Koma `strike` ndi nkhani ina. Imabwera mwiniwake akapempha mwalamulo kuti vidiyo ichotsedwe, imakhala masiku 90, ndipo zikakwana zitatu tchanelo chikhoza kutsekedwa.

Pali batani lolembedwa `Dispute`, lotsutsira. Likanikizeni pokhapokha muli ndi umboni m'manja, monga lisiti la kumene munagula chilolezo, uthenga wa mwiniwake, kapena linki ya chilolezo chija. Mwini nyimbo amene anadandaulayo amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe. Kunena kuti "ndinamutchula dzina" kapena "sindikupezapo ndalama" si chifukwa chovomerezeka, ndipo mukaumirira popanda umboni mukhoza kudziitanira `strike`.

Achimwene kumbuyoko afunsa kuti, nanga woyimbayo akakhala mnzanga wa kumudzi ndipo wandilola? Mufunseni ngati anapereka nyimbo zake ku kampani yozifalitsa pa intaneti. Ngati anatero, makina akugwiranibe, chifukwa sadziwa za ubwenzi wanu. Iyeyo ndiye auze kampaniyo kuti ikumasuleni.

Tsono musanatumize linki kugulu la WhatsApp, ikani vidiyo pa YouTube ili pa `Private`, mudikire gawo lolembedwa `Checks` limalize kufufuza. Likapeza kanthu mukonza anthu asanaone, ngakhale dandaulo lina limatha kubwera patapita miyezi, ndiye malisiti aja musataye. Amene muli ndi mafoni tsegulani YouTube Studio, ndidutsa mzere uliwonse tionere limodzi.