Chikwangwani cha mbewu chimene anthu ankawerenga kuti mbewa

Woulutsa: Amisiri, takulandirani. Mwati lero tiyambe ndi kankhani ka pa Lizulu.

Mmisiri: Zikomo achimwene. Bambo wina anatsegula sitolo ya mbewu m'mbali mwa msewu wa M1, nalemba yekha chikwangwani. Sabata isanathe, kondakitala wa minibasi akulowa: “Bwana, mbewa zija mukupanga bwanji?” Mawa lake mayi wina, funso lomwelo. Bamboyo anapsa mtima, kuyesa chipongwe. Tsiku lina anawoloka msewu, natembenuka kuyang'ana sitolo yake. Nayenso anawerenga kuti mbewa.

Woulutsa: Chinalakwika n'chiyani?

Mmisiri: Analemba zilembo zing'onozing'ono zolumikiza, ngati za m'kope la kusukulu. Anayambanso kumanzere osayeza, ndiye pofika kumapeto malo anamuthera, u womaliza uja n'kumupanikiza. Nyanga ziwiri za u zikayandikana, munthu ali patali amaona zatsekeka pamwamba, basi wasanduka a. Kuwonjezera apo, penti yofiira pa thabwa lobiriwira. Mitundu iwiriyi m'manja imasiyana, koma patali imaderana mofanana, ndipo yofiira ndi imene imayamba kusuluka ndi dzuwa.

Woulutsa: Ndiye pokonzanso anayambira pati?

Mmisiri: Anayambira pa msewu, burashi asanaigwire. Yezani kuchokera pamene anthu amatsikira minibasi kufika pakhomo. Kwa iye anapeza mamita 30. Lamulo lathu ndi ili: pa mamita atatu alionse, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Mamita 30 ndiye kuti masentimita 25. Atawerengera choncho anaona kuti mawu ake onse aja, dzina la sitolo, “timagulitsa”, nambala ya foni, sangakwane. Anasiya MBEWU pamwamba, NDI FETELEZA pansi. Nambala anakailemba pachitseko, poti woifuna amakhala wafika kale.

Woulutsa: Thabwa lake lalikulu bwanji?

Mmisiri: Pulaiwudi yathunthu ndi masentimita 244 kwa 122. Iduleni pakati chamulitali, mutsala ndi 244 kwa 61. Tsono 61 ameneyo mugawe motere: 8 pamwamba osalembapo, 25 a MBEWU, 8 pakati, 12 a mzere wachiwiri, 8 pansi. Mizere yake muimenye ndi chingwe chopaka choko.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, mvetserani. Zilembo sizilingana m'lifupi. M ndi W ndi zonenepa, E ndi wowonda. Bamboyo anadula chilichonse pa katoni, zilembo zikuluzikulu zokhazokha: M masentimita 25, B 17, E 15, W 28, U 18. Pamodzi ndi 103. Mukawonjezera mipata inayi ya masentimita asanu, 123. Chotsani pa 244, gawani pawiri, mupeza kuti M ayambire pafupifupi masentimita 60 kuchokera m'mphepete. Makatoniwo muwayale pathabwa, muwasunthesunthe mpaka diso likhutire, kenako muzungulize pensulo. U mumusiye kukamwa kuli yasa. Mnofu wa chilembo ukhale masentimita anayi kapena asanu. Mukanenepetsa kuposa apo, mabowo a B amatsekeka akamaonedwa patali.

Woulutsa: Nanga za penti?

Mmisiri: Palani ndi sandipepa, pakani penti yoyambira ya andakoti kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali momwe. M'mbalimo musadumphe, ndimo mumalowera madzi pulaiwudi n'kuyamba kufufuma. Kenako penti ya mafuta yoyera kawiri, zilembo zakuda. Mukapaka kamodzi, igone usiku wonse. Kuno kumapiri, June ndi July, ndi nkhungu yathu ija, ipatseni masiku awiri. Dindani ndi chala pakona: ikamata, musalembe, apo ayi yakuda isakanikirana ndi yoyera n'kutuwa. Lembani thabwa lili chogona, ndipo thina wosungunulira penti musachulutse. Penti yamadzimadzi imayenderera, ndipo kadontho kamodzi kakhoza kusandutsa F kukhala E.

Woulutsa: Munthu adziwa bwanji kuti tsopano zatheka?

Mmisiri: Mwini sangadziyese yekha, amadziwa kale zimene analemba. Bambo uja, zilembo zili za choko chabe, anaimika thabwa pakhonde, naitana mwana wa Sitandade 3 amene sanalionepo, kuti awerenge ali tsidya la msewu. Mwana anawerenga kamodzi osadodoma, ndiye anatsegula chitini cha penti yakuda. Pokhoma anaonanso china: thabwa lakale linali pansi penipeni pa malata a khonde, masana mthunzi unkadula mitu ya zilembo, ndiye u uja ankatsekeka kawiri. Latsopanoli analikweza pamwamba pa khonde, pa mitengo iwiri, ndi mabawuti anayi m'malo mwa misomali, chifukwa mphepo ya pa Lizulu misomali imaizula.