Chidziwitso cha pabolodi m'Chiarabu: musakhudze manambala!

Moni nonse, kwa Tambala, ku Mayani, pa Dedza boma, ndi inu achemwali athu amene mukuonera muli ku Masikati, likulu la dziko la Omani, takulandirani. Lero tikambirana nkhani imodzi basi. A Nyakwawa amata chidziwitso pabolodi, inu mwachijambula pafoni, ndipo mukufuna kutumizira mchemwali wanu amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Omani. Iye Chichewa amawerenga bwinobwino. Chiarabucho n'cha abwana ake, kuti akawapempha mpata wokatumiza ndalama kapena wogwira foni nthawi ya msonkhano, aone okha kuti nkhaniyo ndi yoona.

Tiyerekeze kuti pabolodipo palembedwa motere: mabanja onse abwere kumsonkhano wokonza mjigo Loweruka pa 6 Seputembala 2025, 2 koloko masana, banja lililonse ndi K5,000.

Choyamba, jambulani pepala lonse. Mwaimirira moyang'anana nalo, dzuwa lili kumsana kwanu, chidindo cha amfumu chikuoneka. Zatha.

Chachiwiri, dulani. Malonje onse aja ndi mawu oti "zikomo potsatira chidziwitsochi" asiyeni. Abwana ali ndi mafunso asanu okha: waitana ndani, nkhani yanji, liti, kuti, ndalama zingati. Womasulira akhale munthu amene anaphunzira chilankhulocho mpaka kulemba kalata. Kuwerenga Kurani mosadodoma ndi luso lalikulu, koma ndi luso lina, ndiye muyambe mwawafunsa a Shehe kapena mphunzitsi wa kumadalasa ngati amalemba makalata a Chiarabu.

Tsopano chachitatu, ndipo apa khalani pansi, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pali bodza limene lafala kwambiri. Akuti kalata ya Chiarabu yeniyeni, manambala onse asinthidwe akhale aja a Chiarabu, deti nalo lisinthidwe likhale la kalendala ya Chisilamu, apo ayi bwana saimva. Abale anga, si zoona! Ndipo anthu akusokoneza nazo uthenga umene unali wolongosoka.

Taonani pasikirini apa.

```
٦ = 6
٧ = 7
٥ = 5
٠ = 0
```

Yang'anitsitsani woyambayo. Ameneyo ndi 6, koma kwa ine ndi inu akuoneka ngati 7. Mchemwali wanu wangokhalako miyezi yochepa, walandira uthenga, waona chizindikiro chimenecho, wati msonkhano uli pa 7. Pa 7 ndi Lamulungu. Akuimba foni anthu anabalalika dzulo. Nanga 5 uja? Amalembedwa ngati kaziro. Ziro weniweni ndi kadontho chabe. Ndiye K5,000 ija ikuoneka ngati ziro mmodzi ndi timadontho titatu, ndipo kadontho kamodzi kakafufutika pachithunzi chosaoneka bwino, yasanduka K500.

Wina anena kuti, koma kalatayo ndi ya abwana, iwo amawadziwa manambala amenewo. Inde amawadziwa. Koma athuwanso amawadziwa! Munthu wa ku Omani, ku Kuweti, ku Dubai, amaona 1, 2, 3 tsiku lililonse pafoni yake ndi pamitengo ya m'sitolo. Ku Moroko, ku Alijeriya ndi ku Tuniziya amalemba Chiarabu ndi manambala omwe timalemba ifewa. Ndiye mukasiya manambala mmene alili, abwana awerenga, mchemwali wanu awerenga, ndipo onse awiri atha kuika chithunzi cha bolodi pambali n'kuona kuti 5,000 wa apa ndi 5,000 wa apo. Mukawasintha, mchemwali wanu wanyamula pepala limene sangathe kulitsimikiza yekha. Mwamumanga manja m'nyumba ya eni.

Ndisanapitirize, ngati mukupindula, dinani `Subscribe` pansipo, n'zaulere. Tumizaninso vidiyoyi ku gulu la banja lanu.

Tibwerere. Palinso ena amati popeza Chiarabu chimayambira kumanja kupita kumanzere, nambala nayo itembenuzidwe. Ayi! Mawu okha ndiwo amayambira kumanja. Nambala imalembedwa monga mwa nthawi zonse, 2025 ndi 2025, osati 5202. Mukaona womasulira wanu watembenuza, dziwani kuti pepala lonselo n'lokayikitsa.

Za kalendala ya Chisilamu ndiye zoopsa kuposa. Kalendala imeneyo imayendera mwezi wakumwamba, chaka chake chili ndi masiku pafupifupi 354, ndipo mwezi watsopano umayamba anthu akauona. Inu nomwe mukudziwa kuti zaka zina Idi imagwa masiku osiyana, dziko ili lero, dziko lina mawa. Tsiku lakenso limayamba dzuwa likalowa, osati pakati pa usiku. Ndiye mukasintha deti la a Nyakwawa, mutha kuphonya ndi tsiku lathunthu popanda wina kuzindikira. Ndipo mukuvutikiranji? Ku Omani malipiro, matikiti a ndege ndi zitupa zimayendera kalendala yathu yomweyi. Chimene Aarabu amachita n'kungoika kachilembo aka, `م`, pambuyo pa chaka mukamawerenga, kusonyeza kuti ndi kalendala ya Januwale mpaka Disembala. Mwezi ulembeni ndi dzina, osati 6/9, ndipo dzina la tsiku likhalepo kuti wina akasokoneza nambala, "Loweruka" amubweze.

Nayi kalata yathu yonse. Imitsani vidiyo, jambulani sikirini.

```
إعلان من زعيم القرية
اجتماع لجميع الأسر حول إصلاح مضخة المياه
اليوم: السبت 6 سبتمبر 2025 م
الساعة: 2 بعد الظهر بتوقيت ملاوي (4 عصرًا بتوقيت عُمان)
المكان: ديدزا (Dedza)، ملاوي
المساهمة: 5000 كواشا ملاوية لكل أسرة
```

Mizere isanu ndi umodzi basi. Woyamba ukuti chidziwitso chochokera kwa mfumu ya mudzi, wachiwiri ukuti msonkhano wa mabanja onse wokonza mjigo, kenako tsiku, nthawi, malo ndi chopereka.

Chachinayi, nthawi ndi ndalama. Mwaona mzere wachinayiwo? Omani ali patsogolo pathu ndi maola awiri, choncho 2 koloko ya ku Dedza ndi 4 koloko ya ku Masikati. Ku Saudi Arabiya ndi ku Kuweti ndi ola limodzi, 3 koloko. Lembani nthawi zonse ziwiri. Pa ndalama, "K" yekha sakutanthauza kanthu kwa Mwarabu. Lembani kuti makwacha a Malawi, mawu onse, chifukwa Zambia nayo ili ndi kwacha, ndipo bwana akaganiza kuti ndi mariyali 5,000 a kwawo, angodabwa kuti mjigo wanji umenewo.

Chachisanu, maina a malo. Chiarabu cholemba chilibe "p", chilibe "ch", ndiye inu a ku Ntcheu, a ku Kampepuza, dzina lanu lipindika ndithu. Lilembeni m'zilembo za Chiarabu, pambali pake muikenso mmene timalembera ife, ngati ndachitira ndi Dedza.

Chachisanu ndi chimodzi, kutumiza. Chithunzi chiyambe, Chiarabu chitsatire pompo, kenako uthenga wa mawu m'Chichewa wouza mchemwali wanu zimene mzere uliwonse ukunena. Ngati pali nambala ya foni ya msungichuma wa komiti ya mjigo, iikeni pamzere wakewake popanda mipata, chifukwa nambala yodukizadukiza ikalowa pakati pa mawu a Chiarabu, foni imatha kusinthanitsa zigawo zake, choyamba n'kukhala chomaliza. Mukatumiza, muuzeni akuwerengereni nambalayo mokweza musanamulole kutumiza ndalama.

Sabata yamawa tidzachita uthenga wa maliro, umene uli ndi mawu akeake opepesera m'Chiarabu. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.