Maheu a kumbuyo kwa shelefu

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, amene mwakhala kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ndaona m'kaundula wa banki nkhonde yathuyi kuti ambiri mwa inu ngongole mumatengera kaokala kapena kagolosale, ndiye lero ndikusimbirani za mayi wina amene ndinkamuyendera, dzina sinditchula chifukwa ena pano mwina ndi achibale ake.

Mayiyu anali waukhondo kwabasi, ukalowa mu golosale mwake umachita kusilira, mabotolo onse ayang'ana kutsogolo, zofiira pamodzi, zachikasu pamodzi, zazitali kumbuyo zazifupi kutsogolo, m'mawa uliwonse amapukuta fumbi ndi kansalu. Iye m'mutu mwake dongosolo linali limenelo, kuti munthu akasuzumira pawindo aone kuti shopu ndi yodzadza.

Ndiye tamvani zimene zinkachitika ndi maheu a m'mabotolo aja. Amaoda mabotolo 24 pa masabata awiri aliwonse, koma pa masabata awiriwo amagulitsa 20 basi, anayi nkutsala. Akabwera ku oda watopa, kabaza akudikira ndalama yake panja, mwana akulira, ndiye amangokankhira anayi aja kumbuyo nkuika atsopano kutsogolo, shelefu nkuoneka bwinobwino. Kasitomala akabwera dzanja limagwira botolo lapafupi, palibe amene amapisa dzanja mpaka kukhoma. Tiyeni tiwerenge limodzi, maoda asanu ndi limodzi ndi miyezi itatu, anayi anayi kasanu ndi kamodzi ndi angati? Eya, mayi avala duku lobiriwirawo akhoza, 24. Oda yathunthu inali itagona kumbuyo kwa shelefu, ndalama ya ngongole imene akuiperekera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, ndipo mabotolo a kukhoma kwenikweni anali a oda yoyamba ija.

Tsiku lina kunali maliro pafupi, anthu anagula kwambiri mzere wakutsogolo unatha, iye nkuyamba kutulutsa a kumbuyo aja osayang'ana nkomwe. Bambo wina anabwerera botolo lili m'manja, lotupa ngati chule, atatsegula linachita kuti fwaa, fungo lake lowawasa, ndipo anayankhula mokweza anthu onse akumva. Mukudziwa inu kuti mbiri yoipa pamudzi sichedwa, pofika madzulo nkhani inali itafika pa mjigo.

Usiku umenewo anatsitsa katundu yense pansi akulira, ndipo apongozi ake aakazi, agogo oti sukulu sanapiteko, anabwera nkukhala pa kireti akungoyang'ana. Kenako anafunsa kuti, mtengwa wanga, kodi kwanu mukakolola chimanga chatsopano mumathira m'nkhokwe pamwamba pa chakale? Iye anati ayi amayi, timayamba tatulutsa chakale, nkusesa, apo ayi anankafumbwe alowa m'chatsopano. Agogo aja anangoti nanga apa mwatani, nkudzuka kukagona. Ine ndinaphunzira za bizinesi m'kalasi koma sindinamvepo wina akuifotokoza mwachidule chonchi.

Tsono chimene anasintha ndi ichi, ndipo ndikufuna muchigwire bwino. Katundu watsopano akafika salowa kutsogolo, umayamba watulutsa wakale yense kuika pa kauntala, watsopano nkumuika kukhoma, wakale uja nkumubwezera kutsogolo kumene dzanja limafikira. Zimatenga mwina mphindi khumi pa oda iliyonse ndipo ndikudziwa kuti nthawi imeneyo ndi imene munthu umakhala watopa, nchifukwa chake ambiri timalephera, si umbuli ayi.

Koma pali kamsampha pamenepa. Si nthawi zonse pamene katundu wobwera lero amakhala ndi deti yakutali, nthawi zina ku holoselo nakonso amakugulitsa katoni imene yakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu, ndiye chimene chimalamula ndi deti yolembedwa pa paketi osati tsiku limene wagula. Pa botolo kapena pa chivindikiro mupeza madeti awiri kawirikawiri, pamene alemba MFG ndi tsiku limene anapanga, pamene alemba EXP kapena BB ndi tsiku limene chinthucho chithere ntchito, anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, wina kutaya katundu wabwino poganiza kuti watha pamene wawerenga deti yopangira. Muziwerenga muli ku holoselo komweko musanalipire, chifukwa mukafika nazo kunyumba kubweza nkovuta. Mayi wathu uja tizilembo timeneti tinkamuvuta madzulo magetsi akathima, ndiye anagula maka yakuda nkumalemba nambala ya mwezi wothera ntchito pa chivindikiro, 7 kutanthauza Julaye, 9 Sepitembala, mwakuti ngakhale mwana wake wa Sitandade 5 akamugwirira shopu amadziwa kuti 7 atuluke 9 asanatuluke. Ndipo musaiwale kuti a bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS akakupezani ndi zinthu zotha ntchito pa shelefu amalanda, sangamve zoti simunaone.

Potsitsa katundu usiku uja anapezanso china, mapaketi a shuga ndi masamba a tiyi anali atagundana ndi sopo wochapira chifukwa mitundu yake imagwirizana bwino m'maso. Kununkhiza paketi ya tiyi, sopo yekhayekha. Apa mpamene anakumbukira kuti pali mayi wina amene anasiya kugula tiyi kwa iye osanena chifukwa. Masamba a tiyi, shuga ndi ufa zimakoka fungo, ndiye sopo, palafini, mankhwala a udzudzu ndi a makoswe anazipatsa khoma lakelake, pansi, kuti chikadontha chisadonthere pa chakudya. Matumba a mchere ndi mpunga anawachotsa pa simenti nkuwaika pa matabwa osanjikiza pa njerwa, chifukwa nthawi ya dzinja simenti imatulutsa chinyontho mchere nkuyamba kulira madzi. Majarini anamutsitsa pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata pamene amasungunuka mwezi wa Okutobala.

Wina afunsa kuti nanga machesi, makandulo, makope, nazonso tizivutika nazo? Ayi, zimenezo sizithamangitsa, ikani mmene mukufunira bola zisanyowe. Mphamvu zanu muziike pa zimene zimalowa m'kamwa ndi mankhwala ngati Panado.

Chinthu chimene chinamupweteka kwambiri ndi choti atayamba kusanja motere shelefu ya maheu inayamba kuoneka yopanda kanthu, chifukwa anazindikira kuti mudzi wake umamwa 20 pa masabata awiri osati 24, ndiye akapeza kuti otsala afika pa asanu ndi atatu kapena kupitirira amachedwetsako oda ina masiku angapo. Anzake ankamunena kuti bizinesi yagwa, taonani mashelefu mbee. Mabotolo amene akuyandikira deti, kutatsala sabata ziwiri, amawaika pa kauntala penipeni nkuwagulitsa pa mtengo umene anaodera, phindu palibe koma mpamba wabwerera, ndipo amamuuza kasitomala poyera kuti awa ndatsitsa chifukwa atsala masiku ochepa, mumwe lero.

Mwa mabotolo akale amene anatsala usiku uja, 9 anali atatha deti ndipo anakathira kudzala yekha apongozi akuonerera, ena onse anawagulitsa motsitsa mkati mwa sabata imodzi. Lachinayi likudzali aliyense abwere ndi paketi imodzi ya m'shopu mwake, koma mutenge ya kukhoma kwenikweni osati ya kutsogolo, tidzawerengere limodzi madeti pano. Amlembi, pitirizani ndi za masheya.