Zolemba pa minibasi ndi takisi: munthu ali ndi masekondi awiri okha

Zikomo apampando. Eni magalimoto, madalaivala ndi makondakitala, ndakuonani nonse. Ine ntchito yanga mukuidziwa, ndi penti ndi masitika, ndipo magalimoto ambiri aima panjapa adadutsa m'manja mwanga.

Nkhani ya sabata yathayi mwaimva. Mayi uja adatsika ndi katundu wambiri, mwana ali mtulo kumpando wakumbuyo, minibasi n'kunyamuka. Mwanayo adapezeka madzulo ali bwinobwino, tithokoze Mulungu. Koma mayiyo atafunsidwa kuti inali galimoto iti, adati, "Inali yoyera, kumbuyo inalembedwa zambirimbiri." Adaithamangira akuiyang'ana ndi maso ake, koma sadatolepo dzina kapena nambala. Galimotoyo ndidakaiona. Kumbuyo kwake kuli dzina la mwini, mayina a ana ake, vesi lathunthu, timu ya mpira, mwambi, ndi manambala a foni awiri pansi penipeni pamene pamakhala matope. Zonsezo n'zabwino, koma tsiku limenelo sizidamuthandize mayiyo.

Ndiye gwirani ichi: wowerenga galimoto yanu ali ndi masekondi awiri okha. Sakhala pansi ngati akuwerenga nyuzi. Mukamalemba, muzilembera munthu amene akuthamanga, kapena amene waima m'mbali mwa msewu dzuwa likumuthobwa m'maso.

Masekondi awiriwo akuchokera kuti? Galimoto ikamayenda makilomita 50 pa ola, pa sekondi imodzi imadutsa mamita pafupifupi 14. Tsono ife olemba zikwangwani tili ndi muyeso wathu: chilembo chotalika sentimita imodzi chimawerengeka mpaka pa mamita atatu, kwa munthu wa maso abwino, masana. Chilembo cha masentimita 10 chimafika mamita 30. Mamita 30 amenewo, pa liwiro lija, atha m'masekondi awiri. Nambala ya foni ya galimoto ija inali ya masentimita atatu. Werengani nokha, ndi mamita 9. Sekondi isanakwane, nambala yasanduka timadontho.

Masekondi awiri, abale. M'nthawi imeneyo diso limatola mawu ochepa chabe. Choncho pa galimoto pafunika zinthu zitatu: dzina, kumene ikupita, ndi nambala ya foni imodzi. Pa takisi, mawu akuti TAXI, dzina ndi nambala. Ndati imodzi. Ena mwa inu mumabwera ndi manambala atatu, yanu, ya akunyumba ndi ya alamu anu, ati kuopa kuti ina ingazime. Munthu akaona manambala atatu sagwira ngakhale imodzi.

Tiyeni tiyese pa chitseko chakumbuyo. Malo osalala olembapo, pakati pa nyali ziwiri zija, nthawi zambiri ndi mita imodzi ndi pang'ono, tinene masentimita 120. Chilembo chotalika masentimita 15 chimadya malo pafupifupi masentimita 12 m'lifupi, kuphatikiza mpata wa pakati pa zilembo. Ndiye kuti mulowa zilembo 10 basi. Tiyerekeze kuti dzina lanu ndi TIYENDE, zilembo 7. Lilowa bwino, mpata n'kutsala mbali zonse, ndipo liwerengeka pa mamita 45. Koma mukati ndiwonjezere "Transport and General Dealers" pa mzere womwewo, zilembo zadutsa 30, ndipo kuti zikwane ndiyenera kuzichepetsa mpaka masentimita asanu kapena kucheperapo. Mwalipira ndalama zambiri kuti dzina lanu lisaoneke. Pansi pa dzinalo pabwere nambala ya masentimita 10, yoduladula m'magulu, manambala anayi, atatu, atatu, chifukwa umu ndi mmene munthu amainenera pakamwa akuthamanga.

(Bambo wina wachikulire adaimirira: "Pepani amisiri, ine vesi langa ndakhala nalo kuyambira galimoto yanga yoyamba. Mukuti ndilifufute?")

Ayi bambo, khalani pansi, sindikukulandani vesi. Ine ndemwe ndimapemphera ndisanagwire burashi. Funso ndi lakuti vesilo mukulembera ndani, ndipo aliwerengera pati. Wokwera amene wakhala m'kati ali ndi theka la ola, mwina ola lathunthu, akungoyang'ana kutsogolo. Ameneyo ndiye mwini vesi. Liikeni m'kati, pamwamba pa dalaivala, lonse lathunthu, aliwerenga mpaka kuliloweza. Kunja, ngati mtima sukulola, lembani mwachidule: "Salimo 23". Wodziwa Baibulo amaliza yekha mumtima, ndipo simunalande malo a dzina. Chinanso bambo, pa siteji anthu amakutchulani ndi mawu a pa galimoto yanu, si choncho? Mvetserani bwino mmene amakutchulirani. Satchula chiganizo chonse, amadula n'kutsala mawu awiri. Mawu awiri amene anthu adakusankhirani kalewo ndiwo dzina la galimoto yanu, ndipo ndi amene ayenera kukula. Koma chilichonse chowonjezera chikhale chaching'ono kuposa dzina, chotalikirana ndi nambala, ndipo chisatseke galasi limene dalaivala amaonera kumbuyo. Mwamva bambo? Zikomo.

Tsopano za maonekedwe a zilembo. Anyamata inu mumakonda zilembo zopotanapotana, zamichira, zamithunzi mitundu itatu. Pa foni zimakongola, ndikudziwa. Pa msewu zimagwirana, "m" kumaoneka ngati "n", 3 kumaoneka ngati 8, ndipo nambala imodzi ikalakwika foni yonse yapita kwa munthu wina. Sankhani zilembo zowongoka, zonenepa pang'ono, zokhala ndi mpata. Mtundu ukhale wosiyana kwambiri ndi thupi la galimoto: wakuda kapena wabuluu wakuda pa yoyera, wakuda pa yachikasu, woyera pa yakuda. Chikasu pa galimoto yoyera sichioneka, ndipo chofiira pa chobiriwira pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa. Chofiira chimasuluka msanga ndi dzuwa, zimenezo mwaziona pa masitika akale aja asanduka otuwa.

Ndi chitseko cha kondakitala, chonde. Chija chikatseguka chimatsetserekera kumbuyo n'kuphimba zimene zalembedwa kumeneko. Pa siteji, pamene anthu akukufunani, chitseko chimakhala chotsegula, ndiye dzina lanu laduka pakati. Mawu amodzi asadutse pa mzere wa chitseko. Akhale onse pa chitsekopo, kapena pamwamba pamene sichifika.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kunja, okwera akudikira, ndifulumire. Lembani papepala zonse zimene mukufuna, kenako fufutani mpaka patsale dzina, njira ndi nambala. Musanamate sitika, jambulani zilembozo pa katoni pa msinkhu wake weniweni, muimate ndi tepi pa galimoto. Yendani mapazi 40, muitane munthu wosaidziwa galimotoyo, ayang'ane, muwerenge kuti wani, thuu, atembenuke, akuuzeni zimene waona. Akalephera nambala, kulitsani zilembo kapena chotsani mawu ena. Yesaninso chakumadzulo. Nambala ikhale pamwamba, kutali ndi bampala ndi matope. Musaphimbe nambala puleti, nyali kapena zonyezimira zija. Ndipo makondakitala, m'mawa mukamapukuta galasi, pukutaninso dzina ndi nambala, fumbi lokha limabisa zilembo.

Masekondi awiri, musaiwale. Amene akufuna tiyeze galimoto yake, tepi ndabwera nayo, tikumane panja. Zikomo apampando.