Za mu chapa ya ku Zobwe: kusuta ndi kunyamula si mlandu umodzi

Abale anga a ku Moatize, ku Ulongwe ndi nonse muli kuno ku Tete, lero mtima sunakhale pansi. Dzulo ndimachokera ku Zobwe pa chapa, apolisi anatiimitsa, katundu yense pansi. Mu chikwama cha mnyamata wina wakwathu ku Mwanza munatuluka chamba, suruma ija amanena eni dziko, chomangidwa m'timapepala tambirimbiri, pambali ndalama zing'onozing'ono zamametikali. Mwana uja amangoti "si changa bwana, andituma", anthu mu chapa nkumati aaa ka chamba basi mawa atuluka. Satuluka mawa ameneyo.

Lamulo la kuno ndi nambala 3/97, la chaka cha 1997, ndipo limafunsa kuti chinthucho unali nacho kuti utani nacho. Ngati nchosuta wekha, gawo 55 likuti ndende yake mpaka zaka 2 ndi chindapusa, koma chikaposa chimene munthu amasuta masiku atatu, chilango sichitsika pansi pa chaka chimodzi. Ngati nchogulitsa, gawo 33 likuti zaka 16 mpaka 20. Mwana wako wobadwa lero udzamupeza ndi ndevu.

Nde chikundiwawa nchoti gawo 33 lija silidikira kuti akugwire ukulandira ndalama ayi. Kunyamula kuli momwemo, kulandira, kupatsa mnzako ngakhale mwaulere, kudutsa nacho pa malire, zonse. Ndiye mawu oti "andituma" aja, iye amaona ngati akudzipulumutsa, koma ngati amadziwa zili mkati wavomera yekha kuti sichosuta iye, amapititsira munthu wina. Ndipo timapepala tija tikuyankhula tokha, wosuta samanga chamba chake tizigawo tofananafanana chonchija, a SERNIC, ofufuza milandu a kuno ku Mozambique, akamafufuza amayang'ana zimenezo, kulemera kwake, mamangidwe, ndalama, mamesegi a mu foni.

Ena amati nanga kagulitsidwe kakang'ono? Gawo 36 lilipo, zaka 2 mpaka 8, koma "kakang'ono" kamene akunena ndi kosaposa kosuta munthu mmodzi tsiku limodzi. Chikwama sichingalowe pamenepo.

Ife tinabwera kuno ndi manja athu, ine ndimamanga nyumba dzuwa la Tete likuwotcha msana, sindinanyamulirepo munthu chikwama chotseka ndipo sindidzatero, olo akhale malume. Omwe amatuma ana a eni aja pano ali phee akudya nsima, mayi ake a mnyamatayu ku Mwanza mwina sanamve nkomwe. Ndaganiza za amayi anga usiku wonse.

Amene mukuwadziwa abale ake auzeni afulumire. Chipwitikizi sachimva, nde asasaine pepala lililonse popanda womasulira, ndipo ngati ndalama ya loya palibe apite ku IPAJ, amathandiza osauka pa milandu, ofesi yawo ilipo mu Tete momwe muno.